Mphwanu wakutumizirani kontirakiti osafunsa kanthu: yambani ndi ndime ya shoteji

*Mwana wa mlongo wanga wapeza ntchito ya ukalaliki pa depoti yogula soya ndi mtedza kuno ku Santhe. Wanditumizira zithunzi za kontirakiti yake pa foni n'kungolemba kuti "Amalume, onani iyi." Sanafunse chilichonse. Ine ndine mphunzitsi, za malamulo sindinaphunzire. Kodi ndingomuyamikira, kapena pali zoti ndiyang'ane? Nanga ndikaona choipa, ndimuuze ngakhale sanandifunse?*
Wowerenga, Kasungu

Amalume, muuzeni. Mwana akaika pepala m'manja mwa amalume ake ndiye kuti wafunsa kale, ngakhale pakamwa pake sipanatuluke funso. Mukangoyankha kuti "zikomo, ukagwire bwino ntchito," iye amva kuti mwawerenga ndipo zonse zili bwino, ndiye akasayina ndi mtima woti amalume avomereza. Ambiri amene amatumiza kontirakiti chonchi safunsa chifukwa sadziwa choti afunse. Maso awo amathamangira pa mzere wa malipiro, akaona nambalayo kuwerenga kumathera pomwepo.

Musanawerenge ndime ngakhale imodzi, muimbireni foni. Mufunseni ngati wasayina kale, ndipo ngati sanasayine, amuuza kuti abweze pepalalo liti. Yankho lake ndi limene likuuzeni mmene mulankhulire. Kwa amene sanasayine, mukumuthandiza kupeza zoti akapemphe kuti zisinthidwe. Kwa amene wasayina kale, mukumuthandiza kudziwa poyenera kusamala. Mufunsenso ngati masamba amene watumiza ndi onse. Yang'anani manambala a masamba ndi a ndime, chifukwa pojambula ndi foni tsamba lakumbuyo limaiwalika kawirikawiri. Mukapeza mawu oti wantchito adzatsata malamulo a kampani amene ali mbali ya mgwirizanowu, koma malamulowo sanawapereke, dziwani kuti mwaona theka lokha la kontirakiti. Akawapemphe. Mukaona mpata wosalembedwa, pamene payenera kukhala ndalama kapena tsiku, asasayine mpaka padzazidwe iye akuona.

Powerenga, musaganizire tsiku loyamba ntchito, pamene aliyense akumwetulira. Ganizirani tsiku limene katundu waperewera, tsiku limene mwana wadwala, ndi tsiku limene bwana watopa naye. Pa ndime iliyonse dzifunseni kuti tsiku limenelo likadzafika, mawu awa adzateteza ndani ndipo adzalipiritsa ndani. Mukatero muona kuti ndime zoipa zili mitundu iwiri. Zina zimatsutsana ndi Lamulo la Ntchito la 2000, ndipo zimenezi zimaopsa pozimva koma mphamvu zake n'zochepa, chifukwa lamulo linaika malire amene kontirakiti singatsike pansi pake. Zina lamulo silinaziletse poyera, kapena zinalembedwa mosamveka kuti zitanthauziridwe mokomera bwana. Zachiwirizi ndi zimene ndimaziopa kwambiri, ndipo pa ntchito ya mphwanu yaikulu mwa izo ndi ndime ya shoteji.

Chaka china ndinawerenga kontirakiti ya mnyamata wina wa ku Mchinji amene ankagwira ntchito yonga yomweyi. Malipiro ake anali K208,000 pamwezi. Pakati pa pepalalo panali chiganizo chimodzi chachifupi, choti katundu aliyense woperewera pakati pa zimene zagulidwa pa depoti ndi zimene zalandiridwa ku nkhokwe yaikulu adzalipidwa ndi kalaliki. Mnyamatayo anachiona ndipo sanade nkhawa. Anati, "Ine sindiba, ndiye shoteji idzachokera kuti?"

Shoteji imachokera m'madzi. Soya wogulidwa kumayambiriro kwa nyengo yokolola amakhala asanaumitsitse, ndipo akakhala m'matumba masabata angapo amapitiriza kuuma n'kupepuka. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti kalaliki wagula matani 30, amene ndi makilogalamu 30,000, chinyezi chake chili pa 16 peresenti. Ndiye kuti mbewu yeniyeni, kuchotsa madzi, ndi makilogalamu 25,200. Pofika ku nkhokwe chinyezi chatsika kufika pa 13 peresenti. Mbewu yeniyeni ija sinasinthe, koma tsopano ikupanga magawo 87 pa 100 a kulemera konse, choncho sikelo iwerenga makilogalamu pafupifupi 28,966. Aperewera makilogalamu 1,034, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50 ndi kanthu pamwamba. Palibe amene watsegula thumba. Ngati soyayo anagulidwa pa K1,000 pa kilogalamu, shotejiyo ndi K1,034,000, malipiro a mnyamata uja a miyezi pafupifupi isanu.

Apa tangowerengera madzi okha. Pali zinyalala ndi mchenga zimene zimachoka akamapeta. Pali kusiyana kwa sikelo yopachika ya pa depoti ndi sikelo yaikulu yoyeza galimoto yonse ku nkhokwe. Pali matumba obooka pa ulendo, ndi zimene zingachitike pa msewu kalaliki atatsala ku Santhe galimoto ili ku Lilongwe. Chiganizo chimodzi chija chimamusenzetsa zonsezi, kuphatikizapo zimene sanazione ndipo sakanatha kuziletsa.

Lamulo likutipo chiyani? Gawo 56 la Lamulo la Ntchito limaletsa wolemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa, koma limamulola kudula malipiro kuti abwezeretse katundu amene wantchitoyo wawononga. Ine ndimaona kuti madzi amene auma m'thumba si katundu amene kalaliki wawononga, ndipo mfundo imeneyi ndingaiimire pamaso pa wina aliyense. Koma taonani mmene zimayendera. Ndalama zimayamba zadulidwa, kukangana kumabwera pambuyo, ndipo bwana amatulutsa pepala limene mwana anasayina ndi dzanja lake. Choopsa kuposa apo n'chakuti shoteji yaikulu nthawi zina simathera pa kudula malipiro. Imakafika ku polisi ngati mlandu wakuba ali pa ntchito, ndipo banja limagulitsa mbuzi kapena njinga kuti nkhani ithe msanga. N'chifukwa chake ndimafuna kuti ndime imeneyi ikonzedwe cholembera chisanakhudze pepala.

Zoti akapemphe si zachilendo, ndipo wogula mbewu wodziwa ntchito yake sangadabwe nazo. Kontirakiti itchule peresenti ya kuperewera imene kampani imavomereza chifukwa cha kuuma ndi kupeta, kuti kalaliki azifunsidwa pa zopitirira pamenepo zokha. Itchule kuti udindo wake umathera pamene katundu wayezedwa ndi kukwezedwa m'galimoto, iye ndi dalaivala atasayina pepala limodzi losonyeza matumba ndi makilogalamu, kope imodzi n'kutsala ndi iye. Ngati kampani ikufuna soya wa chinyezi chakutichakuti, imupatse kachipangizo koyezera chinyezi, chifukwa kuluma njere ndi mano si umboni umene angauonetse kwa wina. Afunsenso ngati sikelo ya pa depoti inayesedwa ndi kudindidwa ndi a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards. Ndipo afunse kuti makiyi a nyumba yosungiramo katundu ali ndi anthu angati. Munthu sangayankhire yekha katundu amene anthu atatu amatsegula chitseko chake. Pomaliza, palembedwe kuti asanadulidwe ndalama iliyonse adzaonetsedwa mawerengero ndi kupatsidwa mpata wodziyankhira.

Ndalama zogulira mbewu zili m'gulu lomweli. Ngati azisunga ndalama za kampani pa depoti, onani chimene pepala likunena zikabedwa ndi achifwamba, ndipo onani ngati pali mlonda ndi malo otetezeka osungiramo. Kontirakiti ikangoti ndalama zonse zotayika adzabweza kalaliki, osasiyanitsa kusasamala kwake ndi umbanda wa anthu ena, imeneyo ndi ndime ya shoteji yomwe ija itavala malaya ena.

Mukachoka apo bwererani pamwamba penipeni pa tsamba loyamba, muone dzina limene amutcha. Makontirakiti ena amalemba kuti munthuyo ndi ejenti, kapena wogwira ntchito payekha wolandira komishoni, ndipo penapake amawonjezera kuti mgwirizanowu si wa bwana ndi wantchito. Mawu amenewa amaoneka ngati ulemu, koma cholinga chake nthawi zambiri ndi kuchotsa tchuthi, notisi, penshoni ndi chipukuta misozi akavulala pa ntchito. Lamulo silimangoyang'ana dzina. Limaona ngati munthuyo amadalira wolemba ntchitoyo pa chuma chake ndi kugwira ntchito momulamulira, mofanana ndi wantchito kusiyana ndi wochita bizinesi yake. Ngati kampani ndiyo imamuuza ola lofika, mtengo wogulira, malo okhala, ndipo sikelo ndi matumba ndi zake, ameneyo ndi wantchito ngakhale pepala limutche ejenti. Komabe kuti zimenezi zivomerezedwe pamafunika kukadandaula ndi kudikira, choncho ndi bwino kuti adziwe lero chimene akulowamo.

Za maola ndifotokozeko pang'ono, chifukwa pa depoti nthawi yokolola ntchito imayamba m'mamawa n'kutha dzuwa litalowa. Lamulo linaika maola 48 pa sabata ngati malire a maola wamba. Opitirira apo ndi ovataimu, ndipo ola lililonse la ovataimu pa tsiku lantchito limalipidwa ndalama za ola limodzi ndi theka, pamene pa tsiku lopuma kapena la holide ya boma limalipidwa kawiri. Kontirakiti ikati malipiro a pamwezi akuphatikiza maola onse amene ntchito ingafune, werengani mtengo wa chiganizo chimenecho. Maola 48 pa sabata amapanga maola 208 pamwezi, ndiye pa malipiro a K208,000 ola limodzi ndi K1,000. Munthu wogwira maola khumi patsiku, masiku asanu ndi limodzi, amapitirira ndi maola 12 pa sabata, amene ndi maola 52 pamwezi. Pa K1,500 ola lililonse, zimenezo ndi K78,000 mwezi uliwonse. Ndimakonda kumuonetsa munthu nambala yotere m'malo momuuza kuti ndimeyo ndi yoipa, chifukwa nambala amaikumbukira ndipo amatha kupita nayo kwa bwana wake.

Kenako onani mmene ntchitoyo ingathere. Pa ntchito za luso lamulo limalola nthawi yoyesedwa, imene ambiri amati pulobeshoni, koma isapitirire miyezi 12, ndipo mkati mwa nthawiyo mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Apa pali msampha wololedwa ndi lamulo umene anthu sauona. Kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi yokhala ndi pulobeshoni ya miyezi isanu ndi umodzi ikutanthauza kuti kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza akhoza kuuzidwa madzulo kuti mawa asabwere. Akapemphe kuti pulobeshoni ifupikitsidwe, kapena adziwiretu kuti asatengere ngongole pa malipiro amenewa. Pulobeshoni ikatha, wolandira malipiro pamwezi amene kontirakiti yake ilibe tsiku lothera ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, ndipo wa kontirakiti ya nthawi yoikika, masiku osachepera 14. Onaninso ngati notisiyo ikufanana mbali zonse. Ndinaonapo mapepala ofuna kuti wantchito apereke notisi ya miyezi itatu pamene bwana akupereka sabata imodzi.

Mukapeza mawu oti kampani ikhoza kumuchotsa nthawi iliyonse popanda kupereka chifukwa, musachite mantha kwambiri, koma muuzeni. Gawo 57 limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena luso, apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Chimene ayenera kusunga m'mutu ndi nthawi. Wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa yoti akadandaule kwa ofisala wa leba wa m'boma lake, kwa inu ndi ku Kasungu boma, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti loona za milandu ya ntchito. Ambiri amataya miyezi imeneyi akudikira lonjezo la pakamwa loti aitanidwanso.

Zina mungodutsamo msanga. Tchuthi cha pachaka ndi masiku antchito osachepera 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi 15 kwa wogwira masiku asanu. Ngati pali penshoni, wolemba ntchito amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, ndiye pepala likanena kuti zonse zizichoka m'malipiro a mwana, chongani. Ndime yoti akhoza kutumizidwa kulikonse imaoneka yabwinobwino, koma kuchoka ku Santhe kupita ku Nkhamenya ndi lendi yatsopano ndi thiransipoti, choncho afunse amene adzalipire. Ndipo ngati akufuna kusunga satifiketi yake yeniyeni ya MSCE, akane mwaulemu n'kupereka fotokope. Satifiketi ikagona mu kabati ya bwana, tsiku la mkangano imasanduka chingwe chomumangira.

Tsopano tsamba lomaliza, pamene pali mizere yosayinapo. Apa ndikulankhula za inuyo, amalume. Ntchito zogwira ndalama ndi katundu kawirikawiri zimafuna wachibale woti asayine, ndipo wachibale amene amafunidwa ndi wa malipiro odziwika, monga mphunzitsi. N'kutheka kuti ichi n'chifukwa china chimene pepalali lafikira kwa inu, mwana akusowa poyambira kukupemphani. Werengani mawu amene ali pamwamba pa mzere umenewo. Mboni imangotsimikiza kuti inaona munthu akusayina, ndipo siibweza kanthu. Koma ngati mawuwo akunena kuti wosayinayo akulonjeza kubweza chilichonse chimene kampani ingataye chifukwa cha wantchitoyo, ndiye kuti mwasanduka chikole, ndipo K1,034,000 ija ikhoza kudzagogoda pa khomo panu. Sindikunena kuti mukane kuimira mwana wa mlongo wanu. Ndikunena kuti ngati musayina, palembedwe malire a ndalama zimene mungafunsidwe, palembedwe tsiku limene lonjezolo lidzathe, ndipo likhudze kuba kapena chinyengo chotsimikizika chokha, osati kuperewera kulikonse.

Mukamaliza kuwerenga mudzakhala ndi zinthu mwina khumi zimene mwachonga. Musamutumizire zonse. Mwana amene wakhala zaka akusaka ntchito akalandira mndandanda wautali wa zolakwika amamva ngati mukunyoza mwayi wake, ndipo amangotseka makutu, kapena amachita mantha n'kusiya ntchito imene ikanakonzeka. Sankhani zitatu zimene zingamutayitse ndalama zambiri kapena ufulu wake, muyambe ndi yaikulu. Zotsalazo muuzeni kuti zilipo, mukambirana mukakumana. Pa iliyonse tchulani nambala ya ndime, munene m'Chichewa chimene ikutanthauza, mupereke chitsanzo cha ndalama, ndi funso limene angakafunse. Chisankho chosayina chisiyeni m'manja mwake, chifukwa iye ndiye akudziwa mmene kunyumba kulili. Ndipo pepalalo musalitumize m'magulu a pa foni kuti ena akuthandizeni kuona. Muli malipiro ake ndi dzina la bwana wake, ndipo iye anatumizira inu nokha.

Uthenga wake ukhoza kumveka chonchi: "Mphwanga, ndakondwa kwambiri ndi ntchitoyi, ndipo ndawerenga pepala lonse. Zambiri zili bwino. Pali malo atatu amene ndikufuna tikambirane usanasayine. Loyamba ndi ndime ya katundu woperewera. Mmene yalembedwera, ngakhale soya atangouma m'matumba wolipira ndi iwe, ndipo pa matani 30 zikhoza kupitirira miliyoni. Ukawafunse kuti amavomereza kuperewera kwa peresenti ingati, ndiponso kuti udindo wako umathera pati. Lachiwiri ndi maola, lachitatu ndi posayina wachibale. Ndikuimbira madzulo ano."

Mumuthandizenso mawu okalankhula nawo kwa bwana. Asakayambe ndi kunena kuti kontirakiti yanu ikuphwanya lamulo, chifukwa kalaliki watsopano akayamba choncho amataya ntchito asanaiyambe. Akanene kuti akufuna kumvetsa kuti asadzalakwitse: "Bwana, soya akauma tikamasunga, timawerengera bwanji?" Yankho limene alandire likuuzani zambiri za malowo. Wogula mbewu wachilungamo amatchula nambala nthawi yomweyo, chifukwa amaidziwa, ndipo savutika kuilemba ndi cholembera pambali pa ndimeyo n'kusayinapo onse awiri, zimene n'zokwanira bola makope onse awiri akonzedwe mofanana. Amene angoti "usadandaule, zimenezo sitimatsata" akupempha kuti mwana akhulupirire pakamwa pamene pepala likunena zina. Ngati ndalama zili zambiri kapena mawu akukuzunguzani mutu, pitani nalo pepalalo ku ofesi ya leba mukafunse asanasayine. Ofesi imeneyi si ya odandaula okha.

Zikhoza kuchitika kuti akana kusintha chilichonse, ndipo mphwanu asankha kusayinabe chifukwa ntchito ndi yosowa. Musamukwiyire. Muuzeni atenge kope yake yosayinidwa ndi mbali zonse, aijambule, chithunzi chimodzi chikhale kwa inu. Agule kope la sukulu lakelake, losiyana ndi mabuku a kampani, ndipo tsiku lililonse azilemba ola limene wafika ndi limene waweruka, makilogalamu amene wagula, chinyezi ngati anayeza, ndi ndalama zimene walandira ndi zimene zatsala. Galimoto ikabwera kudzanyamula, alembe nambala yake, matumba ndi makilogalamu, dalaivala asayine, ndipo ajambule pepalalo galimoto isananyamuke. Akaona kuti soya amene akuuzidwa kugula ndi wosauma, alembere bwana wake uthenga pa foni tsiku lomwelo, osangomuuza pakamwa, ndipo uthengawo ndi yankho lake asafufute mpaka nyengo yogula itatha ndi mawerengero onse atatsekedwa.